Makina akati muli ndi TB, tiwakhulupirire mpaka pati?

Tiyerekeze anthu awiri omwe alandira zotsatira tsiku limodzi. Woyamba ndi mayi amene wakhala akutsokomola kwa milungu itatu. Usiku amadzuka zofunda zili chinyontho ndi thukuta, ndipo chitenje chimene ankamanga bwinobwino tsopano chikuzungulira m'chiuno kawiri. Wapita yekha kuchipatala, wapereka makhololo m'kabotolo. Wachiwiri ndi bambo wakabaza, wamphamvu zake, wosatsokomola n'komwe. Iye anangopeza azaumoyo akuyeza aliyense pamsika, nayenso n'kuima pamzere. Makhololo a anthu awiriwa alowa m'makina amodzi, ndipo pa onse awiri pakompyuta patuluka mawu ofanana akuti `MTB DETECTED`, kutanthauza kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu tapezeka.

Ambirife tinganene kuti nkhani yatha, onse awiri akudwala, makina sanama. Ena angawonjezere kuti anamva pawailesi kuti makinawa amalondola 99 peresenti. Koma yankho la mayi uja ndi lodalirika kwambiri, pomwe la bambo wakabaza lili ndi mpata waukulu wokhala lolakwika, ngakhale makina ake ndi omwewo ndipo amene wawayendetsa sanalakwitse kalikonse. Chomwe chasiyana ndi gulu la anthu limene aliyense wachokeramo. Kuti izi zimveke, titenga kafukufuku weniweni, amene anatsegulira njira makina a GeneXpert omwe lero ali m'zipatala zambiri za kuno kwathu, tione momwe munthu angamuweruzire.

Galu wolondera pakhomo

Chipangizo chilichonse choyezera matenda chili ngati galu wolondera. Pa galu wotere timafuna zinthu ziwiri. Choyamba, wakuba akabwera auwe. Chachiwiri, mlamu wanu akabwera kudzabwereka khasu akhale chete. Galu angathe kukhala katswiri pa chimodzi n'kukhala wolephera pa chinacho. Galu amene amauwa chilichonse choyenda sangaphonye wakuba, koma simugona naye tulo. Galu waulesi samakudzutsani pachabe, koma mbuzi zimatha m'khola iye ali mtulo.

Azachipatala ali ndi mayina a zinthu ziwirizi. Choyamba amati sensitiviti, ife tizichitchula kuti mphamvu yogwira: mwa anthu 100 amene alidi ndi matenda, chipangizo chimagwira angati? Chachiwiri amati sipesifisiti, ife tiziti mphamvu yomasula: mwa anthu 100 amene alibe matendawo, chimamasula angati powauza zoona kuti alibe?

Taonani kuti mafunso onse awiri akuyambira poti tikudziwa kale amene akudwala ndi amene sakudwala. Wofufuza ndi amene amakhala ndi mwayi umenewo. Dokotala amene wagwira pepala la zotsatira, ndi wodwala amene wakhala patsogolo pake, sadziwa. Funso lawo ndi lotembenuza: poti galu wauwa, kodi panja pali wakuba? Yankho la funso limeneli silidalira galu yekha. Limadaliranso mudzi umene mukukhala. Kumene akuba amabwera usiku uliwonse, galu akauwa muyenera kudzambatuka. Kumene wakuba amabwera kamodzi pachaka koma anansi amadutsa tsiku ndi tsiku, galu yemweyo akauwa nthawi zambiri amakhala akuuwa mnansi.

Zimene anapeza mu 2010

Mu Seputembala 2010, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Catharina Boehme. Anayeza anthu 1,730 amene ankaganiziridwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu, m'mizinda ya Lima ku Peru, Baku ku Azerbaijan, Cape Town ndi Durban ku South Africa, komanso Mumbai ku India. Pofika Disembala chaka chomwecho, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linali litavomereza makinawo.

Panali chifukwa chofulumirira. Kwa zaka zoposa 100 zipatala zinkadalira kupaka makhololo pakagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma kuti diso lione kanthu pamafunika tizilombo masauzande m'mililita imodzi ya makhololo. Njira yodalirika kwambiri ndi yomeretsa tizilombo mu labotale, imene amati kalicha, koma tizilombo ta TB timakula mwaulesi, moti pangadutse milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu asananene motsimikiza kuti simunamere kanthu. GeneXpert siyang'ana tizilombo ndi maso. Wamulabotale amasakaniza makhololo ndi mankhwala osungunulira, amadikira mphindi 15, n'kuthira mamililita awiri m'kabokosi kapulasitiki kolowetsa m'makina. Makinawo amafufuza chibadwa cha tizilombo, chija amati DNA, ndipo yankho limatuluka maola awiri asanakwane.

Ofufuzawo anayerekeza yankho la makinawa ndi la kalicha. Anthu amene makhololo awo anameretsa tizilombo, ndipo makina anapereka yankho lomveka, analipo 732. Powayeza kamodzi, makina anagwira 675, n'kuphonya 57. Mukagawa 675 ndi 732 mupeza kuti mphamvu yogwira inali pafupifupi 92 peresenti. Anthu amene anatsimikizika kuti alibe TB analipo 609. Makina anamasula 604, n'kunamizira asanu. Mphamvu yomasula inali 99.2 peresenti.

Nambala zinayi zimenezi, 675, 57, 604 ndi 5, ndizo mtima wa kafukufuku yense. Mukamawerenga za chipangizo chilichonse chatsopano, fufuzani zinayi zotere: odwala ogwidwa, odwala ophonyedwa, osadwala omasulidwa, ndi osadwala onamiziridwa. Amene akukuuzani nambala imodzi yokha kuti chipangizo chake “chimalondola mwakuti” wakubisirani theka la nkhani. M'mudzi momwe munthu mmodzi pa 100 ndiye akudwala, chipangizo chakufa chimene chimangonena kuti “mulibe” kwa aliyense chingadzitame kuti chimalondola 99 peresenti, chikhalirecho sichinapezepo wodwala ndi mmodzi yemwe.

Tsopano tiwerenge nambala zija motembenuza, monga angawerengere dokotala. Makina ananena kuti “alipo” kwa anthu 680, ndipo 675 mwa iwo analidi ndi matenda. Choncho yankho loti “alipo” linali loona pa 99 peresenti. Ananena kuti “mulibe” kwa anthu 661, ndipo linali loona kwa 604, kutanthauza 91 peresenti. Uku ndiko kudalirika kwa yankho, ndipo pali msampha. Mwa anthu 1,341 amene ali m'nambala zimenezi, oposa theka anali odwala. Palibe mudzi kapena msika umene theka la anthu ake lili ndi TB. Kudalirika kwa 99 peresenti kuja ndi kwa gulu limenelo basi. Simungakunyamule kupita nako kwina.

Makina omwewo pachipatala cha boma

Tiwatengere makinawa pachipatala chimene chimayeza anthu obwera ndi chifuwa chokhalitsa. Tiyerekeze kuti mwa anthu 1,000 otere, 100 ndiwo alidi ndi TB, pomwe ena 900 akuvutika ndi chibayo, mphumu, utsi wa fodya kapena wa nkhuni, ndi zina.

Yambani ndi odwala 100 aja. Makina agwira 92, aphonya 8. Kenako pitani kwa 900 osadwala TB. Makina amanamizira anthu asanu ndi atatu pa 1,000 aliwonse, choncho pa 900 anamizira pafupifupi 7, n'kumasula 893. Amene alandira yankho loti “alipo” ndi 92 kuphatikiza 7, onse pamodzi 99. Mwa 99 amenewa, 92 ndi odwaladi. Kudalirika kwa yankholi ndi 93 peresenti. Amene auzidwa kuti “mulibe” ndi 901, ndipo 893 auzidwa zoona, kutanthauza 99 peresenti.

Mayi wa chitenje uja ali m'gulu limeneli, ndipo poona zizindikiro zake mpata wake ndi wokwera kuposa wa anzake ambiri pamzerewo. Makina akati ali ndi TB palibe chodikira. Ayambe mankhwala.

Makina omwewo pamsika

Tsopano tipite kwa bambo wakabaza. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika m'Malawi mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti mwa akuluakulu 100,000 aliwonse, pafupifupi 450 anali ndi TB ya m'mapapo yotsimikizika mu labotale. Kuti masamu aphweke tinene kuti ndi anthu asanu pa 1,000. Tikayeza anthu 10,000 mosasankha, wotsokomola ndi wosatsokomola yemwe, odwala alipo 50 ndipo osadwala ndi 9,950.

Pa odwala 50 makina agwira 46, aphonya 4. Pa osadwala 9,950, anthu asanu ndi atatu pa 1,000 aliwonse akupanga pafupifupi 80 onamiziridwa. Amene auzidwa kuti “alipo” ndi 126, koma odwala enieni ndi 46 okha. Kudalirika kwa yankholi kwagwa kufika pa 37 peresenti. Mwa anthu atatu aliwonse amene makina awaloza chala pamsikapo, pafupifupi awiri alibe matenda.

Makina sanawonongeke. Akulakwitsa pamlingo womwe uja wa ku Lima ndi ku Mumbai. Chomwe chasintha n'chakuti osadwala achuluka kwambiri, moti kachigawo kakang'ono ka iwo kaposa chigawo chachikulu cha odwala ochepa aja. Kumbali inayo nkhani ndi yokoma: mwa anthu 9,874 amene auzidwa kuti “mulibe”, anayi okha ndiwo aphonyedwa. Lamulo lake ndi limeneli. Matenda akakhala osowa, yankho loti “mulibe” limalimba ndipo loti “alipo” limafooka. Matenda akakhala ofala, zimatembenuka.

Wina anganene kuti kumwa mankhwala pachabe si imfa. Koma mankhwala a TB si panado. Munthu amamwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iwiri yoyambayo mitundu inayi nthawi imodzi, ndipo ina mwa iyo imatha kupweteka chiwindi. Pali ndalama zoyendera kuchipatala, masiku osagwira ntchito, ana ndi mkazi kuitanidwa kukayezedwa, ndi manong'onong'o a anansi. Choopsa kwambiri chimagwera munthu amene akudwala matenda ena a m'mapapo. Akangolembedwa m'kaundula wa TB, aliyense amasiya kufufuza, ndipo matenda enieniwo amapitiriza kumudya.

Sikuti kuyeza anthu m'midzi n'kolakwika. Odwala 46 aja akanapitiriza kufalitsa matenda m'maminibasi ndi m'nyumba zawo. Nkhani ili pa kayezedwe. Njira imene akatswiri amatsata ndi yoyamba yasefa gululo, pofunsa za zizindikiro kapena pojambula chifuwa ndi ekisileyi, makhololo n'kutengedwa kwa okhawo amene akukayikitsa. Tiyerekeze kuti ekisileyi yasankha anthu 1,000 mwa 10,000 aja, ndipo odwala 45 mwa 50 alowa m'gululo. Tsopano makina agwira 41, ndipo mwa osadwala 955 anamizira 8 okha. Kudalirika kwakwera kuchoka pa 37 kufika pa 84 peresenti. Mtengo wake ulipo: ophonyedwa achoka pa 4 kufika pa 9. Palibe njira yopanda cholowa, ndipo ntchito ya okonza ndondomeko ndi kusankha cholowa chimene dziko lingapirire.

Nzeru yomweyi ndiyo imachititsa kuti woyeza HIV asakuuzeni kuti muli ndi kachilombo ndi kachipangizo kamodzi. Mu 2019 bungwe la WHO linalangiza kuti pakhale tizipangizo titatu tosiyana togwirizana munthu asanauzidwe kuti ali nako, chifukwa m'mayiko ambiri obwera kudzayezetsa amene amapezeka nako anali atachepa, ndipo mpata wonamizira munthu unali utakula.

Pamene “mulibe” sakutanthauza kuti mulibe

Tibwerere ku kafukufuku uja, chifukwa 92 peresenti ija ikubisa kanthu. Odwala 732 anali magulu awiri. Panali 561 amene tizilombo tawo tinali tambiri moti tinkaoneka pa maikulosikopu. Mwa amenewa makina anagwira 551, kutanthauza 98.2 peresenti. Panalinso 171 amene maikulosikopu sinaone kanthu koma kalicha inameretsa tizilombo. Mwa amenewa makina anagwira 124 okha, 72.5 peresenti. Atawayeza katatu, nambalayi inakwera kufika pa 90.2 peresenti.

Apa tikuphunzira kuti mphamvu yogwira si chidindo chokhazikika pa makina. Imakwera ndi kutsika malinga ndi mtundu wa odwala. M'kafukufukuyu odwala atatu mwa anayi anali a tizilombo tambiri, n'chifukwa chake chiwerengero chonse chinatuluka chokongola. Koma anthu amene ali ndi HIV, makamaka amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, nthawi zambiri amatulutsa tizilombo tochepa m'makhololo. Ana nawonso n'chimodzimodzi, ndipo kafukufukuyu anali wa akuluakulu. Anthu opezeka pamsika matenda asanakule nawonso amakhala ndi tizilombo tochepa, kotero 46 aja tinawerengera mokomera makina.

Tiyerekeze wodi ya odwalika kwambiri, ambiri a iwo ali ndi HIV, onse maikulosikopu sinaone kanthu, koma anayi pa khumi aliwonse ali ndi TB. Pa anthu 1,000, odwala TB ndi 400. Makina agwira 290 n'kuphonya 110. Mwa 600 osadwala TB amasula 595. Amene auzidwa kuti “mulibe” ndi 705, ndipo mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse ali nayo TB. Dokotala amene angatulutse wodwala wotere chifukwa pepala lati mulibe, ndiye kuti wamutumiza kukafera kunyumba. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amayezanso, amajambula chifuwa, ndipo nthawi zina amayambitsa mankhwala ngakhale makina akana.

Kugwira ndi kumasula zimakokanakokana ngati chingwe. Patapita zaka opanga makinawa anatulutsa kabokosi katsopano kotchedwa Ultra, kotha kumva ngakhale tizilombo tochepetsetsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 anayeza mitundu iwiriyi pa anthu omwewo. Mwa odwala amene maikulosikopu sinaone kanthu, kabokosi kakale kanagwira 46 peresenti, katsopano 63. Koma mphamvu yomasula inatsika kuchoka pa 98 kufika pa 96 peresenti, ndipo mwa anthu amene anadwalapo TB kale inatsika kuposa pamenepo. Chifukwa chake n'chomveka: makina amafufuza chibadwa cha tizilombo, ndipo sasiyanitsa tamoyo ndi takufa totsalira m'mapapo mwa munthu amene anachira. Onaninso kuti kabokosi kakale komwe kaja, kamene kanagwira 72.5 peresenti mu 2010, kanagwira 46 peresenti m'kafukufuku wina. Anthu ake anali ena, nambala n'kukhalanso ina.

Kafukufuku timamufunsa chiyani?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nambala zokongola zingachokere m'kafukufuku wopotoka, choncho tisanayambe n'komwe masamu tiyenera kumung'amba tione mkati.

Funso loyamba ndi lakuti chipangizocho anachiyerekeza ndi chiyani. Sikelo ya pamsika mumaiyesa ndi mwala wodziwika kulemera kwake, ndipo mwalawo ukakhala wolakwika, zonse zalakwika. Pa TB mwala wake ndi kalicha, yomwe ndi yabwino koma si yangwiro. Nthawi zina tizilombo timafa makhololo asanafike ku labotale, kapena mankhwala oyeretsera makhololo amatipha. Zikatero munthu wodwaladi amalembedwa kuti alibe, ndipo makina amene amupeza amaoneka ngati anama. Boehme ndi anzake anachepetsa vutoli potenga makhololo atatu kwa munthu aliyense ndi kumeretsa m'njira ziwiri. Kafukufuku amene angayerekeze chipangizo chatsopano ndi maikulosikopu yokha ndiye kuti wayesa sikelo ndi mwala wogumuka.

Funso lachiwiri ndi lakuti anayeza ndani. Njira yachidule yokometsera chipangizo ndi kutenga odwala amene matenda awafika pakhosi, n'kuwayerekeza ndi achinyamata athanzi amene sanatsokomolepo chaka chonse. Magulu awiriwa ngakhale mwana angawasiyanitse. Kuchipatala vuto ndi kusiyanitsa wa TB ndi wachibayo, onse akutsokomola, onse awonda. Kafukufuku wabwino amatenga aliyense wobwera ndi zizindikiro, motsatizana, osasankha. Wa 2010 anatenga anthu oganiziridwa kuti ali ndi TB, ndipo apa anachita bwino. Malire ake ndi oti sanayeze anthu opanda zizindikiro, kotero sangatiuze molunjika za bambo wakabaza.

Funso lachitatu ndi lakuti kodi aliyense anayezedwa ndi njira zonse ziwiri, ndipo kodi woyeza ndi njira imodzi ankadziwa yankho la inayo. Ngati kalicha ichitidwa kwa okhawo amene chipangizo chatsopano chawaloza, ophonyedwa sadzaoneka, ndipo mphamvu yogwira idzaoneka yokwera mwabodza. Ngati wowerenga ekisileyi akudziwa kale kuti labotale yapeza tizilombo, maso ake adzaona zimene akuyembekeza. Pomwepo werengeraninso anthu. Kafukufuku uja anayamba ndi 1,730, koma nambala zathu zinayi zija zikuphatikiza 1,341. Ena 389 sanalowe m'menemo, ena chifukwa zoyeza zawo sizinakwane kapena sizinamveke bwino, ena chifukwa madokotala anaona kuti ndi TB koma tizilombo sitinamere. Ofufuzawo anafotokoza za anthu amenewa poyera, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma wowerenga adziwe kuti anthu ovuta kuwagamula akachotsedwa, otsalawo amakometsa chipangizo.

Funso lachinayi ndi lakuti anali anthu angati. Mphamvu yomasula ya 99.2 peresenti yaima pa anthu asanu okha onamiziridwa. Kafukufuku atabwerezedwa, mwina akanakhala atatu, mwina khumi. N'chifukwa chake ofufuza amalemba malire amene choonadi chikuyembekezeka kukhalamo, ndipo pa anthu 604 mwa 609 malirewo ndi kuyambira 98.1 mpaka 99.6 peresenti. Kusiyanaku kukuoneka ngati kanthu kochepa, ndipo pachipatala n'kochepadi. Pamsika paja si kochepa. Pa 99.6 peresenti onamiziridwa ndi 40, ndipo yankho loti “alipo” ndi loona pa 53 peresenti. Pa 98.1 peresenti onamiziridwa ndi 189, ndipo ndi loona pa 20 peresenti yokha. Matenda akakhala osowa, kachidutswa ka peresenti pa mphamvu yomasula ndiko kamalamulira zonse.

Funso lomaliza ndi lakuti analipira ndani. Kafukufuku wa 2010 analipiridwa ndi bungwe la FIND, lomwe linathandizanso kupanga chipangizocho pamodzi ndi kampani ya Cepheid ya ku America. Izi sizikutanthauza kuti zotsatira ndi zabodza, ndipo zinalembedwa poyera. Zikutanthauza kuti munthu wanzeru amadikira kumva kwa ena opanda mbali. Enawo anabweradi, ndipo atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri, bungwe la Cochrane linapeza mu 2014 kuti mphamvu yogwira ndi 89 peresenti ndipo yomasula ndi 99. Nambala zinatsika pang'ono, monga zimachitikira kawirikawiri chipangizo chikachoka m'manja mwa eniake, koma chigamulo chinaima: makinawa ndi abwino kwambiri kuposa maikulosikopu.

Masamu oti mupite nawo kunyumba

Simufunika sukulu ya udokotala kuti muchite zimene tachita pano. Pepala ndi pensulo zikwanira. Lembani anthu 1,000, kapena 10,000 ngati matendawo ndi osowa. Agaweni pawiri malinga ndi kuchuluka kwa matendawo pakati pa anthu onga amene akuyezedwawo, osati pakati pa anthu a m'kafukufuku. Pa odwala, gwiritsani mphamvu yogwira kuti mupeze ogwidwa ndi ophonyedwa. Pa osadwala, gwiritsani mphamvu yomasula kuti mupeze omasulidwa ndi onamiziridwa. Kenako ikani pamodzi onse ouzidwa kuti “alipo” muone kuti oona ndi angati, muchitenso chimodzimodzi ndi ouzidwa kuti “mulibe”. Njirayi ndi yomweyi kaya mukuweruza kachipangizo koyezera malungo, koyezera chindoko kwa amayi oyembekezera, kapena makina amene wamalonda wabwera nawo kutchalitchi akunena kuti amapeza matenda onse ndi chala chimodzi. Wamalonda wotereyo mufunseni nambala zinayi zija. Akalephera kuzitchula, bwezani ndalama m'thumba.

Ndikupempha atolankhani anzanga kuti tisamalembe kuti chipangizo “chimalondola 99 peresenti” tisanafunse kuti 99 wa chiyani, ndiponso pa anthu ati. Ndikupemphanso azaumoyo amene amapita kukayeza anthu m'misika ndi m'midzi kuti munthu wopanda zizindikiro akapezeka ndi yankho loti “alipo”, makamaka ngati anadwalapo TB kale, amuunike bwino asanamulembe m'kaundula.

Ndipo inu owerenga, ngati mwatsokomola kwa milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku kapena mukuwonda, pitani mukapereke makhololo. Makina akati muli ndi TB, yambani mankhwala ndipo muwamalize, chifukwa pa munthu wa zizindikiro zotere yankholo ndi lolimba. Akati mulibe koma chifuwa sichikusintha, bwererani kuchipatala mukawauze kuti simunachire, akuyezeninso.